Nthungo imachokera kumwendo: ntchito ya minofu ya pakati pa thupi poponya

Mu Ogasiti 2015, ku Beijing, Julius Yego wa ku Kenya anaponya nthungo mamita 92.72 n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse. Yego si chimphona, msinkhu wake ndi pafupifupi mamita 1.75, ndipo ambiri mwa amene anawagonjetsa tsikulo anali ataliatali kumuposa. Jan Železný wa ku Czech Republic, amene mamita ake 98.48 a mu 1996 palibe amene wawafikabe ndi nthungo ya masiku ano, analinso munthu wa thupi lochepa pomuyerekeza ndi anzake. Owonera akafunsa kuti mphamvu yotere ikuchokera kuti, aphunzitsi amayankha kuti ili "pakati pa thupi". Yankholi limasokoneza anthu, chifukwa amene wagwira nthungo ndi dzanja, osati mimba. Tiyeni tilondole mphamvuyo kuchokera pamene phazi laponda mpaka pamene nthungo yachoka m'zala. Munthu amene tikumuyang'ana ndi woponya ndi dzanja lamanja. Wamanzere angotembenuza mbali zonse.

Pakati pa thupi ndi pati?

Akatswiri akamati minofu ya pakati amanena minofu imene imalumikiza nthiti, msana ndi mafupa a chiuno. Njira yosavuta yoionera ndi kuiyerekeza ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro. Chivundikiro chake ndi dayafulamu, mnofu waukulu wopumira umene uli pansi pa mapapo. Pansi pa ndowayo pali minofu yoyalidwa m'kati mwa mafupa a chiuno. Khoma lakumbuyo ndi minofu yoyenda motsata msana. Khoma lakutsogolo ndi la m'mbali ndi minofu ya pamimba.

Ya pamimbayi ilipo mitundu inayi, yosanjikizana, ndipo chofunika kwambiri ndi kumene ulusi wa mnofu uliwonse walowera. Kutsogolo kuli mnofu wowongoka, wochokera kunthiti kutsikira kufupa la pachinena. Ndi uja umaoneka timabokosi pamimba pa anthu ochita masewera. Ntchito yake ndi kuweramitsa thunthu. M'mbali muli mnofu wopingasa wakunja, umene ulusi wake umatsika molowera kutsogolo, monga momwe zala zimalozera munthu akapisa manja m'matumba a jekete. Pansi pake pali wopingasa wamkati, woyenda modutsana ndi woyambayo. Pansi pa yonse pali mnofu wozungulira mimba ngati lamba. Minofu iwiri yopingasa ija ndiyo imapotola thunthu, ndipo imagwira ntchito mwa awiriawiri modutsa: wakunja wa kumanja ukakoka pamodzi ndi wamkati wa kumanzere, chifuwa chimatembenukira kumanzere. Kumeneko n'kumene woponya ndi dzanja lamanja akufuna kuti chifuwa chake chipite.

Malire a "pakati" sanamangidwe ndi munthu mmodzi. Ena amawerengera minofu ya m'matako ndi mnofu waukulu wotambalala wa kumsana umene umakathera kumkono, ena amaisiya kunja. Pa nkhani ya kuponya n'kovuta kuisiya, chifukwa ya m'matako ndiyo imatembenuza chiuno.

Unyolo wa mphamvu

Lingaliro loti ziwalo zolumikizana zimapatsirana mphamvu linachokera ku makina. Injiniya wa ku Germany, Franz Reuleaux, analifotokoza mu 1875, ndipo mu 1955 dokotala wa mafupa Arthur Steindler analigwiritsa ntchito pofotokoza thupi la munthu. Pa kuponya, unyolowu umayenda motere: miyendo, chiuno, chifuwa, phewa, chigongono, dzanja. Chiwalo chilichonse chimafika pa liwiro lake lalikulu chinzake cha m'mbuyo chitayamba kale kuchedwa.

Amene anaonapo mnyamata akuliza chikwapu cha ng'ombe amadziwa kale zimenezi. Dzanja limayendetsa chogwirira kenako n'kuchiimitsa mwadzidzidzi, ndipo kuimako n'kumene kumathamangitsa nsonga. Mbali yonenepa imayenda pang'onopang'ono koma ndi yolemera; ikaima, kuyenda kwake kumasamukira ku mbali yopyapyala, imene imathamanga kwambiri chifukwa ndi yopepuka. Mwa oponya mpira wa besibo, masewera otchuka ku America omenya kampira ndi ndodo, amene ayezedwa kwambiri kuposa oponya ena onse, chiuno chimatembenuka pafupifupi madigiri 600 pa sekondi, chifuwa pafupifupi kuwirikiza kawiri pamenepo, ndipo mkono pozungulira m'phewa umafika cha m'ma 7,000. Palibe mnofu wa m'phewa umene ungapange liwiro lotero pawokha.

Kodi gawo la miyendo ndi thunthu ndi lalikulu bwanji? Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha dokotala wa ku America, Ben Kibler, amene mu 1995 anawerengera kuti pomenya mpira woyambira mu tenisi, miyendo, chiuno ndi thunthu zimapereka mopitirira pang'ono theka la mphamvu yonse. Anawerengeranso kuti mphamvu yochokera m'chiuno ndi thunthu ikatsika ndi 20 peresenti, phewa liyenera kuthamanga ndi 34 peresenti yowonjezera kuti dzanja lilandire zofanana. Ziwerengerozi n'za tenisi ndipo zinapezeka mwa masamu, choncho tisazitenge ngati muyezo weniweni wa nthungo. Koma chithunzi chake n'cholondola: chimene chatayika pansi, phewa ndi chigongono ndizo zimalipira.

Masamu a nthungo imodzi

Nthungo ya amuna imalemera magalamu 800, ya akazi 600. Kuti ya amuna ifike cha m'ma mamita 90, iyenera kuchoka m'dzanja pa liwiro la pafupifupi mamita 30 pa sekondi, komwe ndi makilomita 108 pa ola. Mphamvu ya chinthu choyenda imapezeka ndi ½ × m × v², kutanthauza theka la kulemera kuchulukitsa ndi liwiro kawiri. Kwa nthungo yathu, 0.5 × 0.8 × 30 × 30 ikutipatsa majulu 360; julu ndi muyezo wa mphamvu.

Tsopano tione woponyayo. Tinene kuti amalemera makilogalamu 90 ndipo akufika pa sitepe yomaliza akuthamanga mamita 6 pa sekondi. Masamu omwewo akupereka majulu 1,620. Ndiye kuti asanakoke mkono n'komwe, thupi lake lanyamula kale mphamvu yoposa kanayi imene nthungo ikufuna. Vuto lake silikhala kusowa mphamvu ayi, koma kuisamutsa. Ndipo nthawi yosamutsira ndi yochepa zedi: kuchokera pamene phazi lamanzere laponda mpaka nthungo kuchoka pamapita masekondi osakwana 0.15. Kupatsa nthungo majulu pafupifupi 350 m'kanthawi kotero n'chimodzimodzi mawati opitirira 2,000, mphamvu ya ketulo yamagetsi yowiritsira madzi, yonse kudutsa m'mkono umodzi.

Kusamutsaku kumayamba ndi mwendo wamanzere. Woponya amauponya kutsogolo, chidendene n'kuyamba kugunda, bondo lili pafupifupi lowongoka, ndipo mwendowo umakhala ngati mzati wokhomedwa mopendekera. Wokwera njinga akagwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, njinga imaima koma iye amapitirira kudumpha chiwongolero. Poponya zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti mwadala: mbali ya kumanzere ya chiuno imaima, mbali ya kumanja imazungulira kutsogolo ngati chitseko pa mahinjesi ake, ndipo thunthu limaponyedwa pamwamba pa mwendowo. Nthaka imakankha phazilo ndi mphamvu yoposa kangapo kulemera kwa munthuyo. Mphamvu imeneyo ilibe njira ina yofikira kuphewa koma kudutsa pakati pa mafupa a chiuno ndi nthiti, pamalo pamene fupa lokhalo ndi msana. Zonse zotsala pamenepo ndi minofu.

N'chifukwa chake kutayika kochepa pamalo amenewa kumaoneka kwambiri pa tepi yoyezera. Mtunda umakula motsata liwiro lochulukitsidwa ndi liwiro lomwelo. Titaiwala za mpweya, chinthu choponyedwa bwino pa mamita 30 pa sekondi chingagwe pafupifupi mamita 92, pamene pa 28 chingagwe pa 80. Kusiyana kwa mamita awiri pa sekondi kwadya mamita 12.

Chiuno patsogolo, chifuwa m'mbuyo

Apa m'pamene pagona nkhani. Mukaimitsa kanema wa katswiri pa nthawi imene phazi lamanzere langoponda, muona zachilendo. Mchombo wayamba kale kuloza kumene nthungo ipite, koma chifuwa chikadali chopenya cham'mbali, phewa lamanzere lili kutsogolo, dzanja lamanja latsalira kutali kumbuyo. Thupi lapotoka ngati chovala chimene wochapa akuchifinya, dzanja lina likupotolera uku lina uko. Aphunzitsi amatcha zimenezi kulekana kwa chiuno ndi mapewa. Mwa oponya besibo aluso, kulekanaku kumafika madigiri 40 mpaka 60.

Mu 1970 aphunzitsi awiri a za kayendedwe ka thupi, Gene Logan ndi Wayne McKinney, anayerekeza minofu yogwira ntchitoyi ndi nsalu ya ku Mexico imene imakolekedwa kumbuyo kwa khosi, nsonga zake n'kudutsana kutsogolo kukathera m'chiuno. Mzere wake umayamba pakati pa msana ndi fupa lathyathyathya la phewa, n'kuzungulira nthiti m'munsi mwa khwapa lamanja, n'kulowa mu mnofu wopingasa wakunja wa kumanja, kudutsa mchombo, n'kukathera mu wopingasa wamkati wa kumanzere pa fupa la chiuno. Chiuno chikatsogola chifuwa n'kutsalira, mzere wonsewu umatanuka kuchokera kuphewa lamanja mpaka m'chiuno kumanzere.

Mnofu umene watanulidwa mofulumira uku ukukana umakoka mwamphamvu kuposa umene wangoyamba kukoka uli phee. Mbali ina ya mphamvu imasungika m'minyewa ngati mu mphira wa legeni, ndiponso mnofuwo umakhala utapeza nthawi yokunga usanayambe kufupika. Koma mosiyana ndi legeni, thupi silisunga mphamvuyi nthawi yaitali. Woponya akaima pang'ono ali chipotokere, yambiri imasanduka kutentha n'kutayika.

Mmene minofu imasinthanirana ntchito m'kanthawi aka n'zochititsa chidwi. Ofufuza a ku Japan atayeza magetsi a m'minofu ya anthu oponya mpira, anapeza kuti mnofu wopingasa wakunja wa mbali yosaponya ndiwo umayamba, wa mbali yoponya n'kutsatira, ndipo mnofu wowongoka wa kutsogolo umakoka kwambiri mpira utatsala pang'ono kuchoka. Tanthauzo lake ndi ili. Ntchito yoyamba ya pamimba si kutembenuza chifuwa, koma kuchigwira kuti chisatembenuke msanga pamene chiuno chikupita. Ntchito yachiwiri ndi kuchikoka mwamphamvu chitsatire. Yachitatu ndi kuweramitsa thunthu kutsogolo. Pa nthungo gawo lachitatuli ndi lalikulu, chifukwa woponya amadutsa mu kaimidwe kamene amakatcha uta: chifuwa chatulukira kutsogolo, msana wapindikira m'mbuyo, dzanja likadali kumbuyo, ndipo minofu ya kutsogolo kwa mimba yakungika ngati nsinga.

Chifuwa chikatembenuka mwaliwiro, mkono wolemedwa ndi nthungo umatsalira, ndipo kutsalirako kumapotolera phewa m'mbuyo kwambiri. Wofufuza Neil Roach ndi anzake mu 2013 anaonetsa kuti minyewa yozungulira phewa imasunga mphamvu yambiri pa nthawi imeneyi, n'kuibweza mkono ukamakwapula. Iwo anaonanso kuti chimodzi mwa zimene zimatisiyanitsa ndi anyani aakulu otchedwa chimpanzi ndi chiuno chachitali chotha kupotoka. Chimpanzi ali ndi manja amphamvu kuposa athu, koma nthiti zake zimayandikana kwambiri ndi mafupa a chiuno, ndipo poponya amangofika pafupifupi makilomita 30 pa ola, liwiro limene mwana wa pulayimale wozolowera kugenda amaliposa.

Pali mfundo imodzi imene oyamba kumene amaiphonya, ndipo kuiphonya kumavulaza. Msana wa m'munsi sunapangidwe kuti uzipotoka kwambiri. Mafupa ake asanu onse pamodzi amapotoka madigiri osapitirira 15, chifukwa timfundo takumbuyo kwake timatsekerezana. Kupotoka kwenikweni kumachitika m'msana wa pachifuwa ndi m'mfundo za ntchafu. Choncho minofu ya pakati ili ndi ntchito ziwiri pa nthawi imodzi: kulola kupotoka pamwamba ndi pansi, uku ikuteteza kachigawo ka pakati kuti kasapotoke mopyola. Munthu wouma ntchafu kapena wouma msana wa pachifuwa amakafuna kupotokako m'munsi mwa msana, kumene kulibe.

Kulimba kotani?

Mpini wogwedera pa khasu umadya mphamvu ya wolima. Amamenya mwamphamvu koma khasu sililowa. Thunthu lofewa limachita chimodzimodzi. Kulimba kwa thunthu kumachokera ku zinthu ziwiri: minofu yozungulira msana kukoka pamodzi, ndi kupanikizika kwa m'mimba. Dayafulamu ikakankhira pansi, makoma a mimba n'kukana kutuluka, m'kati mumauma ngati tayala lopopedwa bwino. N'chifukwa chake oponya amagwira mpweya pa sitepe yomaliza n'kuutulutsa ndi mfuu nthungo ikamachoka.

Momwe kulimbaku kuyenera kuphunzitsidwira ndi nkhani imene yakhala ikugawa akatswiri. Mu 1996 ofufuza a ku Australia, Paul Hodges ndi Carolyn Richardson, anapeza kuti munthu wabwinobwino akamakweza mkono mwachangu, mnofu wa lamba uja umayamba kukoka mkono usananyamuke, pamene mwa anthu odwala msana umachedwa. Kuchokera pamenepo kunafala chiphunzitso cholowetsa mchombo m'kati pofuna kudzutsa mnofu umenewo. Stuart McGill wa ku Canada anatsutsa kuti palibe mnofu umodzi umene umasunga msana, ndipo kulowetsa mimba kumachepetsa kulimba. Iye amaphunzitsa kukunga khoma lonse, monga momwe munthu amachitira akaona kuti amenyedwa chibakera pamimba. Njira yoyamba inabadwira m'chipatala pothandiza odwala msana, yachiwiri imayang'ana kwambiri katundu wolemera, ndipo ambiri ogwira ntchito ndi osewera amatenga zina uku zina uko.

Pa kuponya, mbali zonse zimavomereza chinthu chimodzi: kulimbako sikuyenera kukhala kwa nthawi yonse. Wothamanga atakunga mimba kuyambira sitepe yoyamba sangapotoke, ndipo uta wake sungapindike. Thunthu limafunika kukhala lomasuka pothamanga, liume pa kanthawi kamene phazi lamanzere likugunda, kenako likoke.

Pamene mphamvu imatayikira, ndi momwe mungaonere

Foni yojambula kanema woyenda pang'onopang'ono ndi yokwanira. Jambulani kuchokera kumbali, molunjika pamene phazi lamanzere limaponda, kenako kuchokera kumbuyo. Imitsani chithunzi pamene chidendene chamanzere chakhudza pansi.

Cholakwika chofala kuposa zonse ndi kutsegula chifuwa msanga. Pa chithunzicho chifuwa chimakhala chitapenya kale kutsogolo, mkono wamanzere utagwera kumbali, dzanja lamanja litafika pafupi ndi khutu. Chiuno ndi mapewa zatembenukira limodzi ngati thabwa, ndiye palibe chotanuka. Woponya wotere amamva ngati wagwiritsa ntchito mphamvu zambiri, ndipo n'zoona, koma ndi za mkono wokha. Kafukufuku wa oponya besibo anaonetsa kuti amene amayamba kutembenuza thunthu phazi lakutsogolo lisanaponde amakhala ndi katundu wochuluka mbali ya m'kati ya chigongono. Kumeneko n'kumenenso oponya nthungo amamva kuwawa kawirikawiri, makamaka chigongono chikamadutsa m'munsi mwa phewa.

Chachiwiri ndi kuthyoka m'chiuno. Phazi lamanzere likaponda, matako amabwerera m'mbuyo, thunthu n'kupindika pakati ngati mpeni wopinda, nthungo isanachoke. Nthawi zina bondo lamanzere ndilo limagonja. Mphamvu imene inayenera kukwera imathera m'kupindikako, ndipo nthungo imachoka dzanja lili pansi.

Chachitatu chimaoneka bwino pa kanema wa kumbuyo: thunthu kugwera kumanzere mopitirira, mutu n'kuchoka pamwamba pa mwendo. Kupendekera pang'ono n'kofunika kuti phewa lamanja likwere, koma kukachuluka ndiye kuti minofu ya m'mbali mwa mimba ndi ya m'mbali mwa thako yalephera kugwira chiuno. Kayezedwe kake n'kosavuta. Munthuyo aime ndi mwendo umodzi, apinde bondo pang'onopang'ono kasanu. Ngati chiuno cha mbali inayo chikugwa, bondo likulowa m'kati, kapena thunthu likupendama, mwayi ndi waukulu kuti poponya zikuchitikanso, ndipo mowirikiza.

Kuyesa kwina ndi kuponya mpira womwewo m'njira zitatu: atagwada, ataimirira mwendo wamanzere uli kutsogolo, kenako atathamanga masitepe atatu kapena asanu. Mtunda uyenera kukula pa njira iliyonse. Ukakhala kuti wothamanga ukungofanana ndi woimirira, miyendo ikupanga mphamvu imene sikufika kudzanja.

Minofu ya pakati nayo imavulala, ndipo malo ake amadabwitsa. Kawirikawiri imang'ambika mbali yosaponya, m'munsi mwa nthiti, pamene wopingasa wamkati amamatira ku nthiti zomalizira. Pa kawerengedwe ka zaka 1991 mpaka 2010 mu ligi yaikulu ya besibo ku America, pafupifupi anayi mwa asanu a oponya ovulala pamimba anavulala mbali yosaponya, ndipo ankakhala kunja pafupifupi masabata asanu. Oponya mwaliwiro mu kiriketi amavulala malo omwewo. Chizindikiro chake ndi ululu wobaya m'nthiti umene umabwera mwadzidzidzi poponya, n'kumabwereranso potsokomola, poyetsemula kapena potembenuka pogona. Kwina kovulala ndi kumsana wa m'munsi, pamene kupindikira m'mbuyo kophatikiza ndi kupotoka kobwerezabwereza kumatha kuchititsa mng'alu pa kafupa kopyapyala kakumbuyo kwa fupa la msana, makamaka mwa achinyamata amene akukulabe. Wachinyamata amene msana ukumuwawa mbali imodzi akapindikira m'mbuyo, kwa masabata opitirira awiri, asiye kuponya akaonane ndi dokotala.

Nthungo ikachoka ntchito sinathe. Mkono umene unathamanga chotero uyenera kuima, ndipo mzere wina wopingasa, wa kumbuyo, wochokera ku mnofu wotambalala wa kumsana kumanja kukafika ku thako lamanzere, umathandiza kugwira buleki pamene thunthu likupitiriza kuwerama. Woponya amene amadula kayendedweka msanga poopa kuponda mzere wa malire a poponyera amasiyira timinofu tating'ono ta kumbuyo kwa phewa ntchito yonse. N'chifukwa chake aphunzitsi amasiya mpata wa pafupifupi mamita awiri pakati pa phazi lamanzere ndi mzere.

Zimene aphunzitsi amachita

Masewera olimbitsa pakati amagawika motsata ntchito zimene taona. Ophunzitsa kukana amayamba: kutsamira chigongono ndi mbali ya phazi thupi lili chowongoka cham'mbali kwa masekondi 20 mpaka 40, kapena kumanga chubu cha njinga pamtengo msinkhu wa pachifuwa, kuima cham'mbali, n'kutambasula manja kutsogolo osalola chubu kupotola thupi. Ophunzitsa kukoka mwaliwiro amagwiritsa ntchito mpira wolemera makilogalamu 2 kapena 3, kuuponya pakhoma cham'mbali kapena ndi manja awiri kudutsa pamutu, mwendo wamanzere uli kutsogolo, kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kupuma, n'kubwereza katatu kapena kanayi. Liwiro likayamba kutsika amasiya, chifukwa cholinga ndi kuphunzitsa dongosolo la chiuno choyamba, chifuwa pambuyo. Mpira ukalemera mopitirira, dongosololo limasokonekera, munthu amayamba kukankha m'malo mokwapula. Kudzuka ndi kugona chagada kambirimbiri kumalimbitsa makamaka mnofu wowongoka, ndipo pang'onopang'ono, pamene kuponya kumafuna yopingasa, ndipo mwachangu.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Loyamba ndi lakuti kodi thunthu limangodutsitsa mphamvu kapena limapanganso yake, ndipo yochuluka bwanji. Palibe chida choyezera mwachindunji mphamvu ya mnofu wa m'mimba munthu ali pa liwiro lotere. Ofufuza amaika timadontho pakhungu, n'kujambula kayendedwe kake, n'kuwerengera cham'mbuyo, ndipo ambiri amatenga thunthu ngati zidutswa ziwiri kapena zitatu zolimba pamene lili ndi mfundo zambiri. Kusintha kagawidweko kumasinthanso yankho.

Lachiwiri likukhudza maphunziro. Ku Norway mu 2011, atsikana osewera handibo, mpira woponya m'golo ndi dzanja, amene anachita masewera a pakati pa thupi atapachika manja kapena miyendo pa zingwe kwa masabata asanu ndi limodzi anawonjezera liwiro la mpira ndi pafupifupi 5 peresenti. Koma kafukufuku wina angapo anapeza kuti nthawi imene munthu amapirira atakunga mimba imagwirizana pang'ono chabe ndi momwe amaponyera, amalumphira kapena amathamangira. Ena amati izi zikusonyeza kuti ntchito ya pakati inakokomezedwa. Ena amati mayesowo ndiwo akuyeza chinthu cholakwika, chifukwa kupirira kwa mphindi ziwiri sikufanana ndi kukoka kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi.

Lachitatu ndi la kuvulala. Mwa akatswiri oponya besibo, amene ankalephera kugwira chiuno poima ndi mwendo umodzi anapezeka kuti amajomba masiku ambiri chifukwa chovulala. Koma kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutsimikiza kuti china chabala chinzake, ndipo thunthu lopereka mphamvu zambiri limatanthauzanso kuti chigongono chilandira zambiri. Kodi pali poyambira pamene kulekana kwa chiuno ndi mapewa kumasiya kuthandiza n'kuyamba kuwononga msana, ndipo kodi malirewo ndi amodzi kwa aliyense?

Pomaliza pali funso la amene anayezedwa. Ziwerengero zambiri zimachokera kwa amuna oponya mpira wa besibo wa magalamu pafupifupi 145, ataima pa kachulu. Nthungo ndi yolemera koposa kasanu, imaponyedwa munthu akuthamanga, ndipo imafuna msana kupindikira m'mbuyo kwambiri. Kuti ziwerengerozo zimagwira mpaka pati pa nthungo, pa akazi, pa ana, kapena pa wosewera mpira wamanja amene amaponya kuchokera paphewa malamulo akumuletsa kuyenda ndi mpira, ndi nkhani imene ofufuza akuyezabe.